Kalipentala anati chiyani? Kufotokoza mawu a munthu wina m'Chingerezi

Mnzanu akakuuzani Lolemba kuti, “Ndikudwala,” inu n'kukafotokozera wina Lachisanu, mumangoti, “Anandiuza kuti akudwala.” Mneni mwamusiya momwe analili. Mwangochotsa ndi- n'kuikapo a-, koma kachidutswa ka -ku- kosonyeza kuti zinthu zikuchitika sikanasunthe. Wokumverani sasokonezeka. Amadziwa kuti kudwalako kunali kwa Lolemba, pa nthawi imene mwini wake ankayankhula. M'Chichewa, mawu akuti “anandiuza kuti” amatinyamula kukatiika pa tsiku limene mawuwo ananenedwa, ndipo zonse zotsatira timaziona titaima pa tsikulo.

Chingerezi sichitero. Munthu wofotokoza sachoka pa Lachisanu lake. Amayang'ana m'mbuyo, n'kuona kuti kuyankhulako kunachitika kale, kudwalanso kunali pa nthawi yomweyo, ndiye zonse ziwiri amaziika mu nthawi yakale: *He told me that he was sick.* Mwini wake ananena kuti *I am sick*, koma *am* wasanduka *was*. Kusiyana kumeneku ndiko gwero la zolakwa zambiri zimene ife oyankhula Chichewa timachita pa mutu umene ana asukulu amautchula kuti ripotedi sipichi. Mwana akalemba kuti *He told me that he is sick* pofotokoza nkhani ya mwezi watha, sikuti ndi mbuli. Walemba Chichewa cholondola ndi mawu a Chingerezi.

Vutoli limapwetekanso tikamachokera ku Chingerezi kubwera kwathu. Wotanthauzira wosasamala akamva *he was sick* amathamangira kunena kuti, “Anandiuza kuti ankadwala.” Koma m'Chichewa “ankadwala” akutanthauza kuti kudwalako kunachitika munthuyo asanayankhule, mwina pofotokozapo n'kuti atachira. Tanthauzo lasintha. M'makhoti athu, momwe milandu imalembedwa m'Chingerezi pamene mboni zambiri zimayankhula zinenero zakwathu kudzera mwa womasulira, kusiyana ngati kumeneku si kwamasewera.

M'kalasi mutuwu amauphunzitsa ndi mndandanda wa mawu awiriawiri: ukaona awa, lemba awa. Mndandandawo si wabodza, koma umabisa chifukwa chake. Ine ndimaona kuti munthu amene wamvetsa chifukwacho safunikanso kuloweza zambiri. Chilichonse chimene chimasintha pofotokoza mawu a wina chimasintha chifukwa chakuti woyankhula wasintha, womvera wasintha, tsiku lasintha kapena malo asintha. Chimene sichinasinthe mwa zinayi zimenezi sichikakamiza mawu ake kusintha. Tiyeni titenge nkhani imodzi tiitsatire mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya pulayimale inapatsa kalipentala ntchito yokhoma madesiki. Lolemba m'mawa kalipentalayo akufika mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, yemwe ndi mayi, n'kunena kuti: *I have finished the desks. I will bring them here tomorrow if you pay me today.* Akuti wamaliza madesiki, ndipo awabweretsa pasukulupo mawa ngati mayiwo amulipire lero. M'ziganizo ziwiri zokhazi muli zonse zimene zimavuta: alowam'malo *I*, *you* ndi *me*, aneni atatu, mawu a malo *here*, ndi mawu a nthawi *tomorrow* ndi *today*.

Masana a Lolemba lomwelo, msungichuma wa komiti ya sukulu akufika mu ofesi yomweyo. Mphunzitsi wamkulu angamuuze kuti: *The carpenter says he has finished the desks and he will bring them here tomorrow if I pay him today.* Taonani zimene zasintha. *I* wa kalipentala wakhala *he*, chifukwa kalipentalayo sali pomwepo. *You* wakhala *I*, chifukwa amene ankauzidwa uja ndi amene akuyankhula tsopano. *Me* wakhala *him*. Basi. Tsiku ndi lomwelo, choncho *today* akadali *today* ndipo *tomorrow* akadali *tomorrow*. Ofesi ndi yomweyo, choncho *here* sanasunthe. Aneni nawonso sanasinthe chifukwa mayiwa ayamba ndi *says*, mneni wa nthawi yatsopano. Nthawi zonse mukayamba ndi *says*, *has said* kapena *will say*, aneni otsatira amakhala momwe mwini wake anawanenera.

Mayiwa akanathanso kuyamba ndi *said*, n'kunena kuti: *He said he would bring them here tomorrow if I paid him today.* Chiganizochi chimadabwitsa ophunzira ambiri. Amafunsa kuti *paid*, mneni wa nthawi yakale, angakhale bwanji pamodzi ndi *today* pamene ndalama sizinaperekedwe? Ndipo *would* akhala bwanji ndi *tomorrow*? Koma n'Chingerezi cholondola kwambiri. *Paid* ameneyu sakunena kuti kulipira kunachitika. Wangotsatira *said* amene ali kutsogolo kwake. Apa tikuona kuti aneni ndi mawu a nthawi sayendera lamulo limodzi: aneni amayang'ana mneni wofotokozera, pamene mawu a nthawi amayang'ana kalendala ya munthu amene akufotokoza.

Ndalama zaperekedwa, Lachiwiri lafika. Mphunzitsi wamkulu akuuza wachiwiri wake kuti akonze malo m'kalasi: *He said he would bring them here today.* *Tomorrow* uja wasanduka *today*, chifukwa mawa la kalipentala ndiye lero la mayiwa. Madesiki sanabwere. Lachitatu mayiwa akudandaula: *He said he would bring them yesterday.* Tsopano *tomorrow* yemweyo wasanduka *yesterday*. Palibe mndandanda wa m'buku umene ungakuuzeni kuti *tomorrow* akhoza kukhala *yesterday*, koma ndi zimene zimachitika, ndipo ife tomwe timatero tikamati, “Anati abweretsa dzulo.” Lachinayi mayiwa akumutsatira kalipentala kumalo ake ogwirira ntchito: *You said you would bring them to the school on Tuesday if I paid you.* Pano *I* wa kalipentala wakhala *you*, *you* wake wakhala *I*, ndipo *here* wakhala *to the school* chifukwa saimanso pasukulu.

Papita masabata atatu. Komiti yakumana, ndipo mlembi akulemba maminitsi m'Chingerezi oti akasungidwe, mwinanso kukawerengedwa ndi anthu a ku ofesi ya maphunziro amene sanalipo. Apa ndi pamene mndandanda wa m'kalasi uja umagwira ntchito wonse, chifukwa zinthu zinayi zija zasintha zonse:

*The carpenter told the head teacher that he had finished the desks and that he would take them to the school the following day if she paid him that day.*

Tione aneni poyamba. *Have finished* wakhala *had finished*, *will* wakhala *would*, *pay* wakhala *paid*. Aliyense wabwerera m'mbuyo sitepe imodzi yokha. Umu ndi momwe zimakhalira ndi aneni onse a nthawi yatsopano: *is* ndi *am* amakhala *was*, *are* amakhala *were*, *is coming* amakhala *was coming*, *can* amakhala *could*, *may* amakhala *might*. Mneni amene anali kale mu nthawi yakale, monga *I paid*, amabwerera ku *had paid*. Ndipo *had* ndiye mapeto a msewu. Munthu akanena kuti *I had paid*, wofotokoza amangoti *he had paid*, chifukwa kulibenso kumbuyo kwina kopita. Chimodzimodzi *would*, *could*, *should*, *might* ndi *ought to* akapezeka m'mawu a mwini wake amakhala choncho. Wina akati *I might come*, timati *he said he might come*. Kulemba *might have come* n'kunena zina, zakuti mwina anabwera kapena akanabwera.

Sitepe imodzi yokhayo ndi yofunika kuisamala. Mlembi wachangu, pofuna kuonetsa kuti nkhaniyi ndi yakale ndithu, akhoza kulemba *he would have taken them if she had paid him*. Chiganizochi chikumveka chaulemerero, koma chikunena kuti mphunzitsi wamkulu sanalipire, n'chifukwa chake madesiki sanabwere. Mayi amene anapereka ndalama pa tsiku lake aikidwa pamlandu ndi cholembera cha mlembi. Kalipentala ankalonjeza za m'tsogolo, sankadandaula za zimene zinalephereka.

Kenako mawu a nthawi. *Tomorrow* wakhala *the following day*, ndipo *the next day* akanakhalanso bwino. *Today* wakhala *that day*. Apa Chichewa sichitisocheretsa ayi, chifukwa ifenso tili ndi mawu a mitundu iwiri. Tili ndi dzulo, lero ndi mawa, amene amawerengera kuchokera pamene woyankhula waima. Tilinso ndi dzulo lake, tsiku lomwelo ndi m'mawa mwake, amene amawerengera kuchokera pa tsiku la m'nkhani. Wosimba nthano sanena kuti kalulu anabwera mawa. Amati anabwera m'mawa mwake. Chingerezi chimachita zomwezo: *yesterday* amakhala *the day before* kapena *the previous day*, *last week* amakhala *the week before*, *next year* amakhala *the following year*, *two days ago* amakhala *two days before* kapena *two days earlier*, ndipo *now* amakhala *then* kapena *at that time*, ngakhale kawirikawiri amangochotsedwa. Mlembi wa maminitsi wanzeru amapitirira apo, n'kulemba deti lenileni. M'malo mwa *the following day* amalemba *on 4 March*, kuti wowerenga chaka chamawa asavutike kuwerengera masiku.

Pali kasinthidwe kena kamene mabuku ambiri amakadumpha. Kalipentala anati *bring*, mlembi walemba *take*. *Bring* ndi kubweretsa kumene kuli woyankhula kapena womvera, *take* ndi kupititsa kwina. N'chimodzimodzi *come* ndi *go*. Mlembi akanakhala kuti akulemba ngati munthu wa pasukulupo, *bring them to the school* akanakhala bwinobwino. Chimene sichikanathandiza ndi *there*. Mndandanda umati *here* akhale *there*, koma wowerenga maminitsi adzafunsa kuti kumeneko n'kuti. Ndi bwino kutchula malowo. Momwemonso *this* sakhala *that* nthawi zonse. *I made this desk* nthawi zambiri amamveka bwino ngati *he said he had made the desk*, ndipo *I don't like this* amakhala *she said she didn't like it*.

Alowam'malo amaoneka osavuta, komabe apa ndi pamene Chichewa chimatipunthwitsa kawiri. Choyamba, ife sitisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mlowam'malo. “Iye” ndi aliyense, ndipo “anati” angakhale bambo kapena mayi. Mawu a mwini wake m'Chingerezi nawonso sasiyanitsa, *I* ndi *I* basi. Koma tikangoyamba kufotokoza, tiyenera kusankha *he* kapena *she*, *his* kapena *her*, ndipo ngakhale anthu odziwa Chingerezi bwino amasakaniza akamayankhula mofulumira. M'chiganizo cha mlembi wathu, *if she paid him* akasanduka *if he paid her*, ndiye kuti kalipentala ndi amene ali ndi ngongole. Chachiwiri ndi ulemu. Kwathu mphunzitsi wamkulu sitimutchula “iye” koma “iwo”, ndipo mwana wolera bwino amafuna kulemba *they said* pokamba za mayi mmodzi. Wowerenga Chingerezi amaganiza kuti anayankhula ndi gulu la anthu. Ulemu umenewo Chingerezi chimauika m'maudindo ndi m'mawu ena, osati mu *they*.

Nanga onse awiri akakhala amuna? Tiyerekeze kuti kalipentala anauza msungichuma, yemwenso ndi bambo, kuti *I have lost your receipt*. Kufotokoza motsatira lamulo kumabala *He told him that he had lost his receipt*. Galamala ilibe vuto, koma palibe angadziwe amene anataya lisiti, kapena kuti lisitiyo inali ya ndani. Mankhwala ake ndi kubwezeretsa mayina kapena maudindo: *The carpenter told the treasurer that he had lost the treasurer's receipt*, kapena mwachidule, *The carpenter admitted losing the treasurer's receipt*. Pa nkhani za ndalama kubwereza dzina si kulemba moipa.

Tsopano funso limene ophunzira ochenjera amafunsa: kodi kubwerera m'mbuyo kwa mneni n'kokakamiza nthawi zonse? Ayi. Ngati zimene zinanenedwazo zikadali zoona pa nthawi yofotokoza, mneni akhoza kukhala momwe analili. *The teacher said that the Shire flows out of Lake Malawi* ndi cholondola, chifukwa Shire akutulukabe m'nyanja kupita ku Zambezi mpaka lero. Koma *the teacher said that the Shire flowed out of Lake Malawi* nachonso n'cholondola, ndipo sichitanthauza kuti mtsinje unauma. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa kumva. Wina akati *She told me she was a nurse*, sakunena kuti mayiyo anasiya unamwino. Akungofotokoza zimene anamva pa nthawiyo.

Kusiyana kwake ndi kwa mtima wa wofotokoza. Mukasiya mneni mu nthawi yatsopano, mukuonetsa kuti inunso mukuziona ngati zoona ndiponso zofunika panopa. Mukamubweza m'mbuyo, mwangopereka mawu a mwini wake osaikapo dzanja lanu. N'chifukwa chake mphunzitsi wamkulu Lolemba akanatha kunena kuti *he said the desks are ready*, ali ndi chikhulupiriro, koma Lachinayi, ataona matabwa osapala ali mbwee pansi, anganene *he said the desks were ready* basi. Kunena *are* pamenepo kungakhale kudzitsutsa, popeza maso ake aona kuti sanathe. Choncho lamulo lothandiza ndi ili: kubweza mneni m'mbuyo pambuyo pa *said* sikulakwika pafupifupi nthawi zonse, koma kumusiya kumaloledwa pokhapokha nkhaniyo ikadali yamoyo. Atolankhani amakonda kumusiya akamalemba za malonjezo amene nthawi yake sinakwane. Alembi a maminitsi amamubweza, chifukwa zolemba zawo zidzawerengedwa nkhani itazizira.

Kwa amene akukonzekera mayeso a MSCE, komwe kukhoza Chingerezi n'kofunika kuti munthu alandire satifiketi, malangizo anga ndi osiyana pang'ono ndi a moyo wa tsiku ndi tsiku. Pa mayeso mumapatsidwa chiganizo chimodzi chopanda tsiku, chopanda malo, osadziwa amene akufotokoza. Pamenepo yerekezani kuti ndinu mlendo amene akufotokoza patapita nthawi yaitali ali kwina, ngati mlembi wathu uja, ndipo sinthani zonse. Siyani mneni pokhapokha chiganizo chayamba ndi *says*, kapena chikunena choona chosasintha monga kutuluka kwa dzuwa kum'mawa.

Kubweza aneni kuli ndi mtengo wake, ndipo wowerenga wosamala ayenera kuudziwa. Ziganizo zitatu zosiyana, *I paid*, *I have paid* ndi *I had paid*, zonse zimathera pa *he said he had paid*. Kusiyana kwa “ndinalipira” ndi “ndalipira” kwafufutika. Vuto lina limabwera chifukwa poyankhula anthu ambiri sabweza mneni wa nthawi yakale ngati nkhani ikumveka: *I bought it in 2019* amangoti *he said he bought it in 2019*, ndipo n'zololedwa, chifukwa chakacho chanena kale zonse. Koma taonani *He said he lived in Zomba*. Kodi mwini wake anati *I live in Zomba* kapena *I lived in Zomba*? Wowerenga ambiri adzamva kuti ankakhalabe ku Zomba pa nthawi yoyankhulayo. Ngati munthuyo anali atasamuka kale, muyenera kulemba *had lived*. Apa *had* si chokongoletsera, ndi amene akusiyanitsa malo amene munthu akupezeka ndi malo amene anachokako.

*Must* ali ndi khalidwe lakelake. Akakhala wolamula, monga *You must pay today*, kawirikawiri amakhala *had to*: *he said she had to pay that day*. Akakhala wongoganizira, monga *He must be tired*, kutanthauza kuti ayenera kuti watopa, sasintha.

Tibwerere pa Lachinayi lija, pamene mphunzitsi wamkulu anakafunsa kalipentala. Anafunsa kuti: *Where are the desks? Did you receive the money?* Mafunso ndi amene amaulula msanga munthu amene sanazolowere. M'Chingerezi funso lachindunji limatembenuza mawu, mneni amatsogola ndipo mwininkhani amatsatira: *where are the desks*. Funso likamafotokozedwa silikhalanso funso. Limakhala chiganizo chonena zimene zinachitika, choncho mawu amabwerera m'malo mwake: *She asked him where the desks were.* Mfunsiro nawo umachoka, kumapeto kumabwera mpumiro. Kulemba *She asked him where were the desks?* ndi cholakwa chimene chimapezeka ngakhale m'makalata a m'maofesi. Ife timaphunzira movutikira kutembenuza mawu pofunsa, popeza m'Chichewa sititembenuza, ndiye tikazolowera timaiwala kuwabwezeretsa.

Funso lachiwiri likufuna yankho la inde kapena ayi, ndipo lilibe mawu ofunsira ngati *where* kapena *why*. Pamenepo timalowetsa *if* kapena *whether*, monga momwe ife timanenera kuti “anamufunsa ngati analandira ndalama”: *She asked him whether he had received the money.* *Did* wasowa, chifukwa ntchito yake inali kupanga funso basi. *Do* ndi *does* amasowanso chimodzimodzi: *Where do you live?* amakhala *she asked where he lived*. Chinanso chosayenera kulowa ndi *that*. M'Chichewa timati “anafunsa kuti madesiki ali kuti”, ndipo “kuti” woyambayo amatikoka kulemba *she asked that where*. Chingerezi sichilola *that* patsogolo pa mawu ofunsira.

Mayiwa atamva zifukwa zake anamulamula kuti: *Bring them on Friday. Don't come without them.* Malamulo ndi mapempho safuna kubweza mneni m'mbuyo ngakhale pang'ono. Amangofuna *to* kapena *not to*: *She told him to bring them on Friday and not to come without them.* Ife timakonda njira yaitali, *she told him that he should bring them*, chifukwa ikufanana ndi “anamuuza kuti abweretse”. Si yolakwika, koma imafewetsa lamulo n'kulimveketsa ngati langizo. Akanakhala kuti anati *please*, tikanalemba *asked him to* m'malo mwa *told him to*, ndipo *please* yemweyo sakanalembedwa chifukwa *asked* wanyamula kale ulemuwo.

*Say* ndi *tell* amasiyana ngati “kunena” ndi “kuuza”. Sitinena kuti “anauza kuti abwera” osatchula wouzidwa, ndipo *tell* nayenso amafuna munthu pambuyo pake: *he told her that*. *Say* safuna munthu: *he said that*. Choncho *he said me* ndi *he told that* zonse n'zolakwika. Ngati mukufuna kutchula womvera pambuyo pa *said*, pafunika *to*, koma *told* ndi amene amamveka mwachibadwa. *That* amene amatsatira aneniwa akhoza kuchotsedwa poyankhula. M'chiganizo chachitali cha maminitsi ndi bwino kumusunga, makamaka wachiwiri. Mlembi wathu analemba *and that he would take them*, ndipo *that* ameneyo akukumbutsa wowerenga kuti awa akadali mawu a kalipentala, si mlembi amene akulosera.

Njira yodziyesera nokha mukamaliza kulemba ndi kubwerera chammbuyo. Tengani chiganizo chanu, mupatse munthu amene sanalipo, ndipo mumufunse kuti anene mawu amene mwini wake ananena, tsiku limene ankatanthauza, ndi amene anayenera kulipira mnzake. Akalakwitsa chimodzi mwa zimenezi, vuto lili m'chiganizo chanu ngakhale aneni onse mwawabweza bwino.

Chotsala ndi mneni wofotokozera weniweniyo. Mlembi wa komiti akafika polemba yankho la kalipentala, *I did not get all the money*, ali ndi aneni angapo oti asankhepo, ndipo salemera mofanana. *He said that he had not got all the money* sakuweruza aliyense. *He claimed* akuonetsa kuti mlembi akukayika. *He explained* kapena *he pointed out* akuonetsa kuti mlembi wavomereza kuti n'zoona, ndiye kuti mlandu wagwera msungichuma. *He admitted* angakhale wosayenera konse apa, chifukwa munthu amavomera cholakwa chake, osati cha wina. Maminitsi amenewa akadzawerengedwa pa msonkhano wotsatira, kalipentala ndi msungichuma onse ali pomwepo, mlembi amene analemba *said* ndi amene sadzafunsidwa kuti anadziwa bwanji.